K600,000 m'manja: ukhale ejenti wa ndalama za pafoni kapena utsegule okala?

Mwezi wa Disembala, gulu lawo la banki mkhonde litagawana, mlamu wanga anabwera kunyumba kwathu ku Area 25 atamanga K600,000 pachitenje. Anakhala pamkeka, nati: "Alamu, inu munachitapo zonse ziwiri. Ndigule ambulera ndikakhale pa Nsungwi ngati ejenti, kapena nditsegule okala pakhomo?" Ndinamuyankha kuti ndalama yomwe munthu amapita nayo kunyumba madzulo siyisiyana kwenikweni pa bizinesi ziwirizi. Chimene chimasiyana ndi mmene mpamba wako umakhalira ukaulowetsa, komanso khomo lomwe umatulukira ukamatha. Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka tikuwerengera pa kope la mwana wa sukulu, ndipo zomwe ndilembe pano ndi masamu omwewo. Manambala ake ndi oyerekeza chabe, oti tione mmene zinthu zimayendera. Mitengo ya mu Lilongwe imasintha munthu usanamalize kuilemba, choncho aliyense aikemo manambala ake a lero.

Tiyambe ndi ejenti, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Ejenti wa Airtel Money kapena wa TNM Mpamba sagulitsa katundu. Ntchito yake ndi kusinthanitsa mitundu iwiri ya ndalama: ya m'manja ndi ya m'foni, yomwe pantchitoyi timaitcha fuloti. Munthu akabwera kudzaika K20,000, amakupatsa mapepala, iwe n'kumutumizira K20,000 kuchoka pa fuloti yako. Chikwama chalemera, foni yapepuka. Wina akabwera kudzatapa, zimatembenuka: amatumiza ndalama ku nambala yako ya uejenti, iwe n'kumuwerengera mapepala. Tsiku lonse ndalama zimangosamuka thumba ili kupita thumba ilo, ndipo ukaphatikiza zonse madzulo ziyenera kufanana ndendende ndi zomwe unayamba nazo m'mawa. Malipiro ako sali mmenemo. Ali mu komishoni yomwe kampani imakuwerengera pa ntchito iliyonse, malinga ndi gulu lomwe ndalamayo yagwera pa tchati chawo.

Pa K600,000 ya mlamu wanga, tinachotsa K100,000 ya zoyambira: foni, tebulo, ambulera kapena kakanyumba ka matabwa, mpando, chikwangwani ndi buku lolembamo. Kulembetsa kumafuna chiphaso cha unzika ndi mapepala ena omwe kampani imatchula, koma gawo lalikulu la ndalama silithera pamenepo. K500,000 yotsalayo ndiye fuloti, ndipo ubwino wake ndi wakuti sinagulidwe chinthu. Utatopa nayo ntchitoyi pakatha miyezi iwiri, ukhoza kuitapa yonse n'kubwerera nayo kunyumba. Wa okala sangachite zimenezo ndi mashelefu ake.

Koma K500,000 imaoneka yambiri ikakhala pamodzi. Pamsewu siyikhala pamodzi. Makasitomala ena ndi a Airtel, ena a TNM, ndipo fuloti ya kampani imodzi siyithandiza kasitomala wa inayo pa nthawi yomwe waima patsogolo pako. Ndiye matumba amakhala atatu. Tinene kuti waika K200,000 ku Airtel Money, K100,000 ku Mpamba, ndipo K200,000 ili m'chikwama. Cha m'ma 8 koloko pakubwera mayi wogulitsa kaunjika, akufuna kuika K80,000 kuti alipire belo. Fuloti ya Airtel yatsika kufika K120,000. Kenako bambo wa butchala waika K70,000, yatsala K50,000. Wachitatu akufuna kuika K60,000 ya fizi, ndipo iwe ukuyankha mawu omwe aliyense wa mu Lilongwe anawamvapo: "Pepani, ndilibe fuloti." Pa nthawiyo uli ndi K350,000 m'chikwama ndi K100,000 ku Mpamba, palibe tambala yomwe yasowa, koma kasitomala wapita pa ambulera ina, ndipo mawa adzayambira komweko.

Kuti ubwererenso pantchito uyenera kusandutsa mapepala aja akhale fuloti, ku banki kapena kwa ejenti wamkulu. Zimenezi zimafuna kabaza, mzere, ndi ola lomwe tebulo lako lili lopanda munthu. Apa ndi pomwe malo amalamulira. Pafupi ndi misika ngati wa Tsoka kapena m'mashopu a ku Malangalanga, ochita malonda amakonda kuika ndalama, ndiye fuloti ya m'foni imauma msanga. M'makomo, monga ku Chinsapo kapena ku Area 36, ambiri amabwera kudzatapa zomwe abale awatumizira, ndiye chomwe chimatha ndi ndalama ya m'manja. Kumapeto kwa mwezi, ogwira ntchito akalandira, otapa amachuluka paliponse. Nyengo ya fodya, msika wa ku Kanengo ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama zoyenda zimakula. Malo abwino kwambiri ndi pomwe oika ndi otapa amabwera mosinthana, chifukwa makasitomala eni ake ndi omwe amakukonzera fuloti osalipira kabaza. Ndisanalangize munthu malo, ndimamuuza akakhale pafupi ndi ejenti wa pamalopo masiku awiri, awerenge ndi timizere papepala: angati aika, angati atapa, angati abwezedwa.

Nanga zopeza patsiku? Tchati cha komishoni chimasinthasintha, ndiye tingoyerekeza kuti ntchito iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono tikazisakaniza, ikubweretsa K150. Ukathandiza anthu 50 patsiku, ndiye K7,500. Chotsapo ya malo, ya kabaza wopita kukakonza fuloti, yotchajitsa foni ndi chakudya cha masana, tinene K2,500. Yatsala K5,000. Pa masiku 26 ndi K130,000 pamwezi. Taonani kuti m'masamuwa fuloti sinatchulidwe. Chomwe chikubala ndalama ndi chiwerengero cha anthu. Ejenti wa K500,000 pamalo podutsa anthu 20 amapeza zochepa kuposa wa K300,000 pa siteji ya minibasi pomwe ndalama yomweyo imalowa ndi kutuluka kangapo patsiku. Fuloti yaikulu imangokuthandiza kuti usabweze munthu.

Mmene tchati chimakhalira, anthu 10 oika K10,000 aliyense amabweretsa komishoni yoposa ya munthu mmodzi woika K100,000. Ena akazindikira izi amayamba kuduladula ndalama ya kasitomala mmodzi kukhala zidutswa. Makampani amaletsa zimenezi, makompyuta awo amaziona, ndipo munthu akhoza kulandidwa komishoni kapena kutsekeredwa nambala. Si njira yoti n'kuiwerengera.

Tsopano okala, ndi K600,000 yomweyo. Ngati ulibe chipinda chako choyang'ana kumsewu, mwini nyumba adzafuna lendi ya miyezi itatu kutsogolo. Tinene K30,000 pamwezi, ndiye K90,000. Mashelefu, kauntala, mawaya a pawindo, loko wolimba ndi chiphaso cha ku khonsolo ya mzinda, tinene K110,000. Pamenepo K200,000 yalowa m'khoma, siyidzabweranso. Ya katundu yatsala K400,000, ndipo ukapita nayo ku maholoselo a ku Area 2 udzadabwa kuchepa kwa zomwe zikukwera pa galimoto: mabelo awiri a shuga, chigubu cha mafuta ophikira cha malita 20, makatoni a sopo, mchere, machesi, makandulo, masamba a tiyi, mabisiketi, mathileyi a mazira, makileti angapo a zakumwa. Ukaziyala pa shelefu pamakhalabe mipata, ndipo eni maokala amadziwa luso loika katoni yopanda kanthu kumbuyo kuti shopu ioneke yodzaza.

Phindu la okala silifanana pa katundu yense. Zinthu zomwe aliyense amadziwa mtengo wake zimapindula pang'ono. Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi. Ukapikula pa K56,000, paketi yakufikira pa K2,800, ndipo ngati anzako onse akugulitsa K3,000, iwenso ugulitsa K3,000. Belo lonse lakupatsa K4,000, usanachotse thiransipoti. Shuga umamusunga kuti anthu asaleke kubwera. Ndalama yeniyeni ili pa zoyeza: mafuta a m'timapepala, shuga wa pa supuni, ufa wa m'timajumbo, zomwe amagula anthu omwe amapeza ndalama ya tsiku lomwelo. Pamenepo phindu limakula, koma limafuna dzanja losanjenjemera. Ukamawonjezera kadontho pa kasitomala aliyense chifukwa ndi mnansi, chigubu chimatha chisanabweze mtengo wake. Mazira ndiwo amaphunzitsa bwino: thileyi ya 30 yopikula pa K10,500, dzira n'kumagulitsa K400, imabweretsa K12,000, phindu K1,500. Anayi akasweka pa kabaza, otsalawo abweretsa K10,400, ndipo wagwira ntchito yaulere n'kuluzanso K100.

Tiyerekeze kuti okala ikugulitsa za K60,000 patsiku, ndipo pa K100 iliyonse K15 ndi phindu. Ndiye K9,000. Chotsapo lendi ya tsikulo K1,000, thiransipoti yokapikula K1,000, magetsi, majumbo ndi zoonongeka K1,000. Yatsala K6,000. Ejenti uja anali ndi K5,000. Mlamu wanga ataona izi anaseka: "Ndiye basi, okala yapambana." Ndinamuuza adikire kaye tione makomo otulukira.

Ndalama ya ejenti imatuluka kamodzi, ndi phokoso. Ine ndinaphunzira ndi K50,000. Linali Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, anthu asanu ali pamzere. Mnyamata wovala bwino anati, "Achimwene, ndikutapa 50, ndatumiza kale." Foni yanga inalira, ndinaona uthenga wokhala ndi nambala ya ndalama ndi mawu onse monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinamuwerengera mapepala 10 a K5,000. Madzulo masamu anakana. Nditabwerera ku uthenga uja ndinaona kuti unachokera pa nambala wamba ya foni, osati pa dzina la kampani. Anangotenga uthenga wakale, n'kusintha manambala, n'kunditumizira. Chizindikiro chinalipo poyera: uthenga weniweni umalowa m'mndandanda womwewo wa mauthenga a kampani, ndipo ndalama yotsala yomwe ukutchula imagwirizana ndi ya ntchito yapitayo. Uwu unali pawokha. Kuyambira tsiku limenelo, pa ndalama iliyonse yokulirapo ndimayamba ndafunsa balansi pa foni yanga ndisanatsegule chikwama, ngakhale mzere udandaule. Pa K5,000 patsiku, mphindi imodzi ija inadya masiku 10 a ntchito.

Njira zina ndi zodziwika, koma zimagwirabe anthu. Wina amaimba foni n'kunena kuti ndi wa ku likulu, akukonza nambala yako kapena akukwezera komishoni, ndipo akukuuza manambala oti udine. Ukamaliza kudina ndi kuika pini, watumiza fuloti kwa iye. Wogwira ntchito ku kampani weniweni sapempha pini. Wina amapempha foni yako kuti alembe yekha nambala yake, ndipo m'masekondi ochepawo amasunga nambala ya mnzake pansi pa dzina la kampani, kuti uthenga wabodza ukabwera uoneke ngati weniweni. Foni ya ntchito siyiyenera kuchoka m'manja mwako. Palinso kulakwitsa nambala poika ndalama, komwe kubweza kwake kumadalira kuti wolandirayo asakhale atatapa kale, n'chifukwa chake dzina likatuluka pa foni umaliwerenga mokweza kuti kasitomala avomere. Onjezerani pepala lachinyengo lobisidwa pakati pa mtolo madzulo kukuda, ndi mfundo yoti aliyense wodutsa amadziwa kuti m'kachikwama ka pamimba kako muli ndalama. Ejenti wanzeru amatseka kusanade, ndipo sayenda njira imodzimodzi tsiku lililonse.

Ya okala imatuluka mwakachetechete. Mayi wa nyumba yachitatu amatuma mwana: "Akuti mutipatse shuga ndi buledi, alipira bambo akalandira." Kukana n'kovuta, chifukwa ndi omwewo amene adzakuphikire pa maliro. Kenako kunyumba kwako kwasowa sopo, watenga pa shelefu. Kwabwera alendo a kumudzi, watsegula zakumwa ziwiri. Mwana akupita ku sukulu, watenga bisiketi. Ngongole yosabwezedwa ikakhala K2,000 patsiku, zodya pakhomo K3,000, pa K6,000 ija patsala K1,000. Ndipo palibe tsiku lomwe ungaloze kuti lero ndaberedwa. Umangoona kuti ulendo uno wapikula belo limodzi la shuga m'malo mwa awiri, mwezi wamawa chigubu cha malita 5 m'malo mwa 20. Shelefu ikayamba kuonetsa matabwa, makasitomala amasamukira kwina okha, chifukwa palibe amene amafuna kufunsa zinthu zitatu n'kupeza chimodzi.

Apa pali kusiyana komwe ine ndimakuona kukhala kwakukulu. Ejenti amadziwa choonadi usiku uliwonse. Awerenga za m'chikwama, aona balansi ya mafoni awiri, aphatikiza. Zikapanda kukwana K500,000, vuto lachitika lero lomwe ndipo buku lingamuuze pomwe lachitikira. Wa okala sangadziwe pokhapokha atatseka chitseko n'kuwerenga paketi iliyonse, sopo aliyense, pa mtengo wopikulira, n'kuphatikiza ndalama ya m'kabati ndi ngongole zomwe akukhulupirira kuti zidzabwera. Ambiri sachita zimenezi ngakhale kamodzi pachaka. Amaona ndalama yambiri m'chitini madzulo n'kuiyesa phindu, pomwe K51,000 pa K60,000 ija ndi ya holoselo. N'chifukwa chakenso kulemba wantchito n'kosavuta pa uejenti kusiyana ndi mu okala, ngakhale malipiro ake adzachoka pa K130,000 yomwe ija.

Koma pali mdani mmodzi yemwe buku la ejenti silimuonetsa. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, itatsitsanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Yemwe anali ndi fuloti ya K500,000 anagona ndi K500,000 n'kudzuka ndi K500,000, masamu ake ali bwinobwino. Chomwe chinasintha ndi makasitomala. Mitengo ikakwera, yemwe ankaika K40,000 yopikulira katundu amayamba kuika K60,000 pa katundu yemweyo, ndipo fuloti yomwe inkafika masana imatha 10 koloko isanakwane. Komishoni siyikwera tsiku lomwe buledi wakwera, chifukwa si iwe woikhazikitsa. Ejenti yemwe amadya komishoni yonse osawonjezera fuloti amakhala akuchepa chaka ndi chaka, chikhalirecho buku lake likumuuza kuti palibe chasowa.

Wa okala ali ndi chishango pamenepa, popeza mpamba wake uli mu katundu, ndipo katundu amakwera limodzi ndi mitengo. Koma chishangocho chimagwira ntchito kwa yekhayo amene amayang'ana mtengo wa mawa, osati wa dzulo. Tibwerere ku belo lija. Unapikula pa K56,000, wagulitsa lonse pa K60,000, mtima uli m'malo. Ukafika ku holoselo wapeza lili pa K64,000. Ndalama yonse yomwe watolera, ya mpamba ndi ya phindu, siyikukwana belo lomwe unali nalo sabata yatha. Amene amalimba pa malondawa amafunsa mtengo wa ku holoselo asanatsegule, n'kusintha mitengo ya katundu yemwe ali kale pa shelefu. Anansi adzanena kuti wayamba umbombo, pakuti anakuona ukutsitsa katunduyo mtengo usanakwere. Mawu amenewo amapweteka, ndipo maokala ambiri amagwa chifukwa mwini wake anaopa kuwamva.

Mlamu wanga anafunsa funso lomwe aliyense amafika nalo: "Bwanji ndingochita zonse ziwiri?" N'zoona kuti zimakwatirana bwino. Lendi ndi imodzi, chitseko ndi cholimba kuposa ambulera, ndalama ya malonda a tsikulo imathandiza kulipira otapa, ndipo munthu amene watapa K15,000 pawindo pako nthawi zambiri amasiya ina pa sopo ndi mafuta. Koma pa K600,000 sizikwana. Ukachotsa K200,000 ya chipinda, K400,000 yogawa pawiri ikupatsa shelefu ya mipata ndi fuloti yoti anthu awiri aimaliza. Choopsa china ndi kabati imodzi. Tsiku lomwe galimoto ya zakumwa yaima pakhomo ndipo ndalama ya okala yapelewera, dzanja limapita ku fuloti, ndi mawu akuti ndibweza madzulo. Zikachitika katatu, kuwerenga kwa usiku kuja kwafa, ndipo wataya chinthu chimodzi chomwe uejenti umaposa nacho okala. Ngati n'kuphatikiza, zitini zikhale ziwiri, mabuku awiri, ndipo okala ikabwereka kwa fuloti ilembedwe ngati kasitomala wina aliyense.

Kwa iye ndinapendekera ku okala, pa zifukwa za iye yekha. Nyumba yake ili mkati mwa makomo, kutali ndi siteji, ndipo tsiku lomwe anakhala pafupi ndi ejenti wa kumeneko anawerenga anthu 17 okha, pafupifupi onse otapa. Pa Nsungwi anthu ndi ambiri, koma maambulera ndi ambirinso, ena ali ndi fuloti yoposa yake kangapo. Komanso ali ndi chipinda chake choyang'ana kumsewu, ndiye K90,000 ya lendi ija inapita ku katundu. Akanakhala ndi malo pa siteji ya minibasi pomwe oika ndi otapa amasinthana, ndikanamuuza agule ambulera.

Anatsegula mu Januwale, mwezi wouma m'matumba, anthu atathera ndalama ku fizi ndi feteleza, ndipo sabata yoyamba opempha ngongole anachuluka kuposa ogula. Tinagwirizana zinthu ziwiri: kuwerenga katundu Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse akaweruka ku tchalitchi, ndi kulemba m'kope chilichonse chochoka pa shelefu kupita kukhitchini kwake. Titawerenga koyamba, dzina lokhala ndi ngongole yaikulu kuposa onse m'kopemo linali la amuna ake, achimwene anga, ndi mayunitsi ndi zakumwa za K11,400. Anawawerengera pamaso panga, ndipo analipira K5,000 pomwepo, yotsalayo akuti kumapeto kwa mwezi.